Magazi osapweteka mu mkodzo wa munthu wamkulu: ndi likodzo kapena khansa ya chikhodzodzo?

*Funso: Bambo anga ali ndi zaka 57, anakulira kugombe la nyanja ya Chilwa komwe ankapha nsomba ndi kulima mpunga, ndipo asuta fodya kwa zaka zoposa 30. M'miyezi isanu yapitayi akodza magazi katatu, koma sakumva kupweteka kulikonse. Ulendo woyamba anapatsidwa mankhwala a likodzo magaziwo n'kusiya, kenako anayambiranso. Iwo akuti ndi likodzo lomwe lija la paubwana ndipo sakufuna kubwerera kuchipatala. Kodi tide nkhawa?*

Bambo anu abwerere kuchipatala m'masiku akubwerawa, ngakhale mkodzo wawo utakhala woyera lero, ndipo cholinga cha ulendowo chisakhale kukatenga mankhwala ena a likodzo koma kuti chikhodzodzo chawo chiunikidwe. Sindikunena kuti ali ndi khansa, pakuti palibe dokotala angadziwe zimenezo asanawapime, ndipo anthu ambiri amene amakodza magazi amapezeka ndi vuto lina. M'zipatala za kunja zomwe zimapima aliyense wamkulu wobwera ndi magazi ooneka ndi maso, munthu mmodzi kapena awiri mwa anthu 10 ndi amene amapezeka ndi khansa ya chikhodzodzo, ya impso kapena ya njira zina za mkodzo. Koma kwa munthu wa msinkhu wawo, wosuta ndiponso wokulira m'madzi a likodzo, lamulo lomwe ife achipatala timatsata ndi lakuti magaziwo tiwatenge ngati a khansa kufikira titatsimikiza kuti si khansa.

Chimene chikuwalimbitsa mtima bambo anu, kuti sakumva ululu, ndi chimene chimatidetsa nkhawa ife. Matenda a tizilombo m'chikhodzodzo amawotcha pokodza ndipo munthu amakodza pafupipafupi. Mwala wa mu impso ukamatsika umapweteka m'mbali mwa msana mpaka munthu kugubuduzika. Chotupa cha khansa chikamayamba sichichita zimenezi, chifukwa chimamera pa kachikopa kopyapyala ka m'kati mwa chikhodzodzo ndipo sichinatsekebe njira ya mkodzo kapena kulowa m'minofu. Chimakhala ndi timitsempha tamagazi tosalimba tomwe timang'ambika chikhodzodzo chikamatamuka ndi kufinyika, kenako balalo limauma lokha, magazi n'kusiya kwa masabata kapena miyezi pamene chotupacho chikukulabe. Kusiya kwa magazi atamwa mankhwala a likodzo kutha kukhala kuti kunangochitikira limodzi, ndipo anasiya chifukwa nthawi yake yosiya inali itakwana. Kuchuluka kwa magazi nakonso sikutiuza kukula kwa vuto, pakuti timadontho tochepa, osadzaza n'komwe kasupuni kakang'ono, timafiiritsa lita yonse ya mkodzo. Ulendo umodzi wokha wa magazi ooneka ndi maso ndi wokwanira kuti munthu wamkulu apimidwe.

Maganizo a bambo anu ali ndi maziko, ndipo ndi bwino kuwamvetsa musanawatsutse. M'madera ozungulira nyanja ya Chilwa, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi kuchigwa cha Shire, mwana wokodza magazi si wachilendo, moti m'midzi ina akuluakulu ankati mnyamata akayamba kutero ndiye kuti akukula. Tinyongolotsi ta likodzo timachoka mu nkhono za m'madzi odikha, timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kukoka khoka kapena kuwokera mpunga, kenako timakhwimira m'thupi n'kukakhazikika m'mitsempha yamagazi yozungulira chikhodzodzo. Tatikazi timaikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira ena amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo ndiwo amatulutsa timadontho tamagazi kumapeto kwa kukodza. Ena ambiri amakanirira m'khomamo.

Likodzo lotulutsa magazi chonchi ndi la ana ndi achinyamata makamaka, ndipo limafika pachimake pa zaka zapakati pa 10 ndi 15. Munthu akamakula, thupi limayamba kulimbana nalo, mazira otuluka amachepa, magazi ooneka ndi maso amasowa. Ndiye munthu amene anakodza magazi ali mnyamata, n'kukhala zaka 30 kapena 40 osawaonanso, akawaona lero sitiyenera kuthamangira kunena kuti ndi matenda omwe aja abwerera. Zimene ziyenera kutivuta m'mutu ndi zomwe mazira okanirira aja achita m'zaka zonsezi. Thupi limazinga dzira lililonse ndi kutupa, kutupako kumasiya zipsera, mazira akufa amauma n'kusanduka ngati timchenga, moti pa ekisire khoma la chikhodzodzo cha anthu ena limaoneka loyera ngati chigoba cha dzira. Kachikopa ka m'kati, chifukwa chokhala kovulala nthawi zonse, kamasintha maselo ake n'kukhala okhakhala ngati a pakhungu, ndipo pa maselo osinthikawo ndi pomwe pamayambira khansa yomwe timaitcha sikwamasi. Chikhodzodzo chotere chimagwidwanso kawirikawiri ndi mabakiteriya, omwe amapanga mu mkodzo makemikolo owononga maselo.

Ubale wa matenda awiriwa unayamba kuonekera ku Iguputo, komwe Theodor Bilharz anapeza kanyongolotsika m'chaka cha 1851, ndipo mu 1994 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse yofufuza za khansa inaika likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Ku Iguputo komweko, likodzo litachepa chifukwa chogawa mankhwala kwa anthu ambiri, khansa ya sikwamasi inachepanso. Pali zinthu ziwiri za khansa imeneyi zomwe zikukhudza bambo anu mwachindunji. Imagwira anthu adakali ndi mphamvu, ambiri a zaka za m'ma 40 ndi 50, pamene khansa ya chikhodzodzo ya ku Ulaya ndi ya okalamba a zaka za m'ma 60 ndi 70. Komanso imakonda kulowa msanga mu mnofu wa chikhodzodzo, ndipo popeza wodwala ndi achibale amazolowera kunena kuti ndi likodzo chabe, ambiri amafika kwa ife itazika kale mizu.

Mankhwala omwe anapatsidwa aja, prazikwantelo, ndi abwino pa ntchito yake. Timapereka mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, choncho munthu wolemera makilogalamu 60 amamwa mamiligalamu 2,400, omwe ndi mapiritsi anayi a mamiligalamu 600, nthawi imodzi atadya. Amapha nyongolotsi zokhwima, ndipo ngati magaziwo anali a likodzo lokha amayenera kutha m'masabata angapo osabwereranso, pokhapokha munthu atalowanso m'madzi a nkhono n'kutenganso matendawa. Koma sachotsa mazira owuma a zaka makumi angapo, safafaniza zipsera, ndipo alibe mphamvu iliyonse pa chotupa. Magazi obwerera munthu wamkulu atamwa mlingo woyenera ndi umboni wokwanira wakuti tisiye kungoganizira, tiyang'ane m'katimo. Pano ndichenjezeretu za msampha umene timagwamo ngakhale ife achipatala: a ku labotale akapeza mazira a likodzo mu mkodzo wa munthu wa zaka 57, aliyense amapumira m'mwamba kuti yankho lapezeka. Sizili choncho. Munthu mmodzi atha kukhala ndi likodzo ndi khansa nthawi imodzi, ndipo kwathu kuno zimenezi si zachilendo, chifukwa matenda oyambawo ndi amene amabala achiwiriwo.

Za fodya anthu ambiri amadabwa, poti amadziwa kuti utsi umawononga mapapo koma saona njira yochoka pakamwa kukafika m'chikhodzodzo. Njirayo ndi ya magazi. Makemikolo oyambitsa khansa a mu utsi amalowa m'magazi kudzera m'mapapo, impso zimawasefa n'kuwataya mu mkodzo, ndipo mkodzowo umakhala m'chikhodzodzo kwa maola angapo, usiku wonse ngati munthu sanadzuke, ukunyowetsa kachikopa komwe kaja. Wosuta ali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi amene sanasutepo, ndipo m'mayiko omwe kulibe likodzo pafupifupi theka la khansa ya chikhodzodzo imayamba ndi fodya. Timawerengera zaka zomwe munthu wasuta pamodzi ndi kuchuluka kwa ndudu. Ngati bambo anu amasuta ndudu 10 patsiku, zomwe ndi theka la paketi ya ndudu 20, kwa zaka 30, ndiye kuti zikufanana ndi paketi yathunthu tsiku lililonse kwa zaka 15, ndipo ndudu zonse pamodzi zapitirira 100,000. Chingambwe chopichira papepala sichiposa wa m'sitolo ubwino, ngakhale ambiri amachiyesa chachilengedwe poti chachoka kumunda.

Khansa yobwera ndi fodya kawirikawiri imakhala ya mtundu wina, yomera pa maselo enieni a kachikopa ka m'kati, ndipo nthawi zambiri imayamba ngati kachitsamba konyenyeka kolendewera m'chikhodzodzo. Pafupifupi atatu mwa odwala anayi a mtundu umenewu amapezeka isanalowe mu mnofu, zomwe zimasintha kwambiri chithandizo chake. Kusiya fodya kumathandiza ngakhale pa msinkhu wa bambo anu: chiopsezo chimayamba kutsika m'zaka zochepa, ngakhale sichifika pa cha munthu amene sanasutepo, ndipo wosiya amapirira bwino opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa. Dokotala adzafunsanso ngati anagwirapo ntchito kwa nthawi yaitali yokhudza penti, utoto wonyikira nsalu kapena zikopa, kapena kupanga matayala, pakuti m'ntchito zimenezi muli makemikolo a mtundu womwewo.

Tsopano za ulendo wa kuchipatala. Musanapite, khalani nawo pansi mulembe masiku omwe anaona magazi, mtundu wake, ndi nthawi imene amatuluka pokodza. Magazi otuluka poyambirira penipeni amaloza ku njira yotulukira mkodzo, a kumapeto amaloza kukhosi kwa chikhodzodzo kapena ku prositeti, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo ndi omwe amadziwika ndi likodzo, pamene mkodzo wofiira kuyambira poyamba mpaka pomaliza umaloza m'chikhodzodzo momwe kapena ku impso. Izi zimangotipatsa poyambira, sizigamula mlandu. Afunseni ngati anaonapo mibulu ya magazi oundana, kapena tizidutswa toyera tonga nyama yofewa, chifukwa tizidutswa totere timayoyoka pa chotupa chachikulu cha sikwamasi ndipo ndi chizindikiro chomwe sitichinyozera. Ngati n'kotheka jambulani mkodzowo pafoni uli m'botolo loyera, popeza tsiku lokaonana ndi dokotala umakhala utayera ndipo akuluakulu amakonda kuchepetsa nkhani. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa. Rifampisini, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amasandutsa mkodzo kukhala wofiirira ngati lalanje popanda magazi, ndipo bitiruti amachitanso chimodzimodzi kwa anthu ena. Asipulini ndi wafarini amachititsa kuti magazi atuluke mosavuta, koma munthu womwa mankhwalawa akakodza magazi timamupimabe mofanana ndi wina aliyense, chifukwa kawirikawiri amangoulula bala lomwe linalipo kale.

Kuchipatala cha boma cha m'boma lanu ayamba ndi mkodzo. Adzaviikamo kapepala koyezera, adzauyang'ana pa maikulosikopu kuti atsimikize kuti muli maselo ofiira a magazi, aone ngati muli mafinya, ndi kufufuza mazira a likodzo. Mkodzo wofufuzira mazira ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka wa kumapeto kwa kukodza, chifukwa ndi nthawi yomwe amatuluka ambiri. Ngati apeza mabakiteriya apereka mankhwala ake, koma mkodzo uyenera kuyezedwanso mankhwalawo atatha, ndipo magazi akapitirira kapena kubwerera kufufuza kupitirire. Adzatenganso magazi kuti aone ngati achepa m'thupi ndiponso ngati impso zikugwira bwino ntchito, popeza zipsera za likodzo kapena chotupa zitha kutseka timachubu totsitsa mkodzo kuchoka ku impso, impsozo n'kumatupa mwakachetechete. Kwa bambo wa msinkhu uwu adzapimanso prositeti ndi chala, zomwe ndi bwino kuwauziratu kuti asakadzidzimuke. Prositeti yokula imatha kutulutsa magazi, koma timaiimba mlandu pomaliza, titaona kuti m'chikhodzodzo mulibe kanthu.

Chotsatira ndi sikani ya pamimba, ndipo apa pali kanthu kakang'ono komwe kamasokoneza zotsatira: chikhodzodzo chiyenera kukhala chodzaza. Amwe madzi makapu atatu kapena anayi ola limodzi nthawi ya sikani isanakwane ndipo asakodze, chifukwa chikhodzodzo chopanda mkodzo chimakwinyika n'kubisa chotupa. Wojambula ayang'ane impso zonse ziwiri, kukhuthala kwa khoma la chikhodzodzo, miyala, ndi chotupa chilichonse. Sikani ikaonetsa chotupa, njira yadziwika. Ikanena kuti zonse zili bwino, musabwerere kwanu mukuimba nyimbo, chifukwa imaphonya zotupa zing'onozing'ono zosakwana sentimita imodzi komanso khansa yoyala pa kachikopa ngati chikanga yopanda kutukumuka. Likodzo nalonso limapanga timatuza ndi kukhuthala komwe pa sikani kumafanana ndi khansa. Kwa mwana timapereka prazikwantelo n'kudzajambulanso patapita miyezi ingapo, koma kwa munthu wamkulu sitidikira chotero.

Chogamula ndi sisitosikopi, komwe ndi kuunika m'kati mwa chikhodzodzo ndi kachubu kopyapyala kokhala ndi nyali ndi kamera, kolowetsedwa kudzera m'njira yokodzera. Ntchito imeneyi imachitika makamaka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, choncho chomwe mukapemphe kuchipatala cha kwanu ndi kalata yowatumiza kwa madokotala a njira za mkodzo. Nenani momveka kuti ndi munthu wa zaka 57, wosuta zaka zoposa 30, amene wakodza magazi osapweteka katatu ndipo abwereranso atamwa prazikwantelo. Mawu amenewo ndi okwanira kuti wachipatala aliyense amvetse chomwe mukuopa. Ndi kachubu kofewa kuunikaku kumatenga mphindi zochepa atathira mankhwala ochititsa dzanzi, pamene ndi kolimba amabaya jekeseni wa pamsana kapena kumugonetsa munthu. Pambuyo pake pamakhala kuwotcha pokodza ndi timagazi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Abambo ambiri amaopa kuti kupimaku kuwawonongera mphamvu za m'banja, ndipo poti sanganene zimenezi kwa mwana wawo amangokana ulendo. Sikuwononga, ndipo zingathandize kuti amve zimenezi kwa malume anu kapena mnzawo wa msinkhu wawo.

Chotupa chikapezeka, dokotala amachipala kuchokera m'kati kudzera m'njira yomweyo popanda kung'amba mimba, ndipo zidutswazo, pamodzi ndi kamnofu ka pansi pake, zimapita kukayezedwa. Zotsatira zimatha kutenga masabata angapo, ndipo ndi udindo wanu kufunsa tsiku lokazitenga ndi kumazilondola. Zimayankha mafunso awiri: ndi khansa ya mtundu wanji, ndipo yalowa mu mnofu kapena ayi. Ngati sinalowe, kupala kuja ndi chithandizo chachikulu, ndipo nthawi zina amawonjezera mankhwala othira m'chikhodzodzo momwemo, monga maitomaisini kapena BCG, katemera yemwe uja wa chifuwa chachikulu. Ambiri a odwala otere amakhala zaka zambiri, koma khansayi imakonda kuphukanso, motero amaunikidwanso pakatha miyezi itatu ndi kupitirira kwa zaka. Ngati yalowa mu mnofu koma sinafalikire, chithandizo chodalirika ndi kuchotsa chikhodzodzo chonse, mkodzo n'kumatulukira pamimba m'kathumba kudzera m'kachidutswa ka matumbo, ndipo ena amalandiranso mankhwala a khansa a m'mitsempha kapena kuwotcha chotupa ndi cheza. Khansa ya sikwamasi simva kwenikweni mankhwala a m'mitsempha, choncho chiyembekezo chake chagona pa opaleshoni yochitika chotupa chisanamatirire ziwalo zoyandikana nacho. Miyezi isanu yapita kale, ndipo kwa mtundu umenewu miyezi ina isanu itha kusiyanitsa chotupa chochotseka ndi chosachotseka.

Pamene mukudikira tsiku, amwe madzi okwanira kuti magazi asaundane m'chikhodzodzo, asagule mankhwala ena a likodzo kapena makapisozi pamsika, ndipo asamwe asipulini pokhapokha ngati analemberedwa ndi dokotala, amene ayenera kudziwitsidwa za magaziwa. Akalephera kukodza pachinena patatupa, akamatulutsa mibulu ikuluikulu, akamachita chizungulire kapena m'manja ndi m'maso mukayera, kapena thupi likatentha pamodzi ndi ululu wa m'mbali mwa msana, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa mibulu yotseka njira imafuna kuikidwa paipi ya mkodzo ndi kutsuka chikhodzodzo, ndipo magazi akachepa kwambiri amafunika kuwonjezeredwa asanaganizire za opaleshoni iliyonse.